Peresenti 38 kutatsala sabata: zoyenera kuchita buku la masitazi likafanana ndi a ena

Tiyerekeze mayi wina, mphunzitsi wa kusekondale, amene kwa zaka ziwiri wakhala akuchita digiri ya masitazi uku akuphunzitsa. Kafukufuku wake ndi wa makuponi a feteleza: anayenda m'midzi, anacheza ndi alimi, anawonkhetsa manambala, ndipo tsopano buku la mawu 25,000 latha. Tsiku lomaliza kupereka ndi Lachisanu likubwerali. Lachisanu la sabata ino madzulo walilowetsa mu Turnitin, pulogalamu ya pa intaneti imene mayunivesite ambiri amayesera zolemba za ophunzira, wapita kukatereka madzi a tiyi, ndipo pobwerako wapeza kabokosi kachikasu kolembedwa 38%. Buku la malamulo la dipatimenti yake likuti malire ndi 20.

Mtima wapita ku phwando lomwe abale ayamba kale kusonkhera. Dzanja lapita pa foni, kufuna kufunsa anzake a m'kalasi ngati alipo wodziwa kutsitsa. Zimene mayiyu achite m'maola ochepa otsatirawa ndi zimene zingapulumutse sabatayo kapena kuiwononga, ndipo ambiri amalakwira pomwepa: amayamba kulimbana ndi nambala asanawerenge lipoti limene nambalayo yachokeramo.

Chimene nambalayo ikunena

Turnitin inayamba ku America cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kufananitsa mawu. Imatenga zomwe munthu walemba n'kuziyika pambali pa nkhokwe zitatu: masamba a pa intaneti, mabuku ndi magazini a akatswiri, ndi zolemba za ophunzira ena zomwe zinalowetsedwa kale n'kusungidwa. Pamene mawu atsatana mofanana ndi a m'nkhokwemo, imapakapo mtundu. Peresenti ija ndi gawo la mawu opakidwawo pa mawu onse a m'buku. Mtundu wa kabokosi umangotsatira nambala: wobiriwira mpaka 24, wachikasu kuyambira 25 mpaka 49, wa lalanje mpaka 74, ndi wofiira kuyambira 75.

Pulogalamuyi siidziwa chifukwa chimene mawu afananira. Dzina la unduna, mutu wa buku, chiganizo chogwidwa moyenera ndi mwini wake wotchulidwa, ndi ndime yobedwa, zonsezi imazipaka chimodzimodzi. Kampani yake imanena yokha kuti lipotilo si chigamulo choti munthu wabera, ndipo siinaike malire oti apa ndiye pabwino. Malire amaikidwa ndi yunivesite kapena dipatimenti, ndipo amasiyana kwambiri. Ku India, mwachitsanzo, bungwe loyang'anira mayunivesite linaika malamulo mu 2018 oti kufanana kosapitirira peresenti 10 kulibe chilango, kopitirira 10 mpaka 40 wophunzira akonze m'miyezi isanu ndi umodzi, kopitirira 40 mpaka 60 adikire chaka, ndipo kopitirira 60 achotsedwe pa maphunzirowo. Koma malamulo omwewo amati mawu ogwidwa moyenera ndi mndandanda wa mabuku zisawerengedwe. Choncho 38 wa pa sikirini ndi 38 wa m'malamulo akhoza kukhala zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chinthu choyamba chomwe mayi uja ayenera kudziwa ndi choti 20 wa dipatimenti yake amawerengedwa atachotsa chiyani.

Lachisanu usiku: osakhudza buku

Usiku woyamba si wokonza chilichonse. Mayiyu achite zinthu zitatu zokha. Asunge kope la buku monga momwe lilili, alipatse dzina lokhala ndi deti, ndipo aliike pa fulashi ndi pa imelo yake, chifukwa sabata ngati imeneyi ndi imene magetsi amathima laputopu ili pakati pa ntchito. Atsitse lipoti lonse, la masamba opakidwa mitundu lija, osati kungojambula kabokosi. Kenako atsegule mndandanda wa magwero womwe uli m'mbali mwa lipotilo, umene umasonyeza komwe mawu ofananawo apezeka, kuyambira gwero lalikulu kutsika.

Mndandanda umenewu umanena zambiri kuposa nambala ya pamwamba. Peresenti 38 yomwazika pa magwero 200, lililonse losafika peresenti imodzi, nthawi zambiri ndi timawu tawamba ndi mitu ya mabuku. Peresenti 38 yomwe theka lake lachokera ku magwero atatu ndi nkhani ina. Ngakhale buku la peresenti 9 likhoza kukhala pa mlandu ngati 9 yonseyo ndi masamba otsatizana ochokera m'buku limodzi losatchulidwa.

Pali masamu aang'ono amene amabweza mtima m'malo. M'buku la mawu 25,000, peresenti imodzi ndi mawu 250, pafupifupi tsamba limodzi la mizere yotalikirana. Peresenti 38 ndi mawu 9,500. Funso la sabata yonse ndi loti pa mawu 9,500 amenewa, angati ndi ofunika kulembedwanso.

Loweruka: kusankhula

Loweruka ndi tsiku losankhula, monga amachitira amayi ndi mtedza palichero. Mayiyu atenge pepala, ayende ndi lipoti tsamba ndi tsamba, ndipo malo aliwonse opakidwa awalembe nambala ya tsamba, gwero lake ndi gulu limene akugweramo. Ntchitoyi imadya maola anayi kapena asanu, ndipo ilibe njira yachidule. Tiyerekeze kuti pofika madzulo wapeza magulu asanu ndi limodzi.

Gulu loyamba ndi mndandanda wa mabuku wa kumapeto, peresenti 8. Awa ayenera kufanana. Aliyense wolemba za makuponi a feteleza m'Malawi amatchula buku la Ephraim Chirwa ndi Andrew Dorward la mu 2013, ndipo mutu wa bukulo sungalembedwe mwanjira ina. Gulu lachiwiri ndi mawu ogwidwa, okhala m'mitengero ndi eni ake otchulidwa, peresenti 3. Magulu awiriwa amachoka ndi zosefera za mu lipotilo, zotchedwa Exclude Bibliography ndi Exclude Quotes. Kuti chosefera choyambacho chigwire bwino, mndandanda ukhale ndi mutu wake pamzere wakewake, monga References, ndipo chachiwiricho chimadalira mitengero iwiriiwiri, yotsegula ndi yotseka. Nambala yatsika kufika cha pa 27 mayiyu asanasinthe liwu ndi limodzi lomwe. Chofunika kudziwa n'choti ena amaloledwa kusefa okha, pomwe kwina ndi supavaiza kapena a ku laibulale okha amene amasefa pa lipoti lovomerezeka.

Gulu lachitatu ndi lalikulu, peresenti 12, ndipo gwero lake lalembedwa kuti Submitted to, kutsatiridwa ndi dzina la yunivesite yake yomwe. Wophunzira saona zomwe zili m'pepala loterolo, amangoona ziganizo zake zomwe zafanana nalo. Mayiyu ataziyang'ana wazizindikira: ndi pulopozo yake, imene analowetsa chaka chatha pa kosi ya njira zochitira kafukufuku. Inasungidwa m'nkhokwe, ndipo tsopano akufanana ndi iye mwini.

Gulu lachinayi ndi timawu tating'onoting'ono, peresenti 4: dzina la pulogalamu ya boma, dzina la ofesi ya kalembera ya ku Zomba, mawu olumbira a kutsogolo kwa buku omwe wophunzira aliyense pasukulupo amalemba ofanana. Gulu lachisanu ndi chaputala cha njira za kafukufuku, peresenti 3, momwe muli mafotokozedwe a kasankhidwe ka anthu ofunsidwa ndi fomula yowerengera kuchuluka kwawo.

Gulu lachisanu ndi chimodzi ndiye vuto lenileni. Ndi peresenti 8, yonse m'chaputala chachiwiri, chofotokoza zomwe ena analemba kale, ndipo yachokera ku magwero awiri: lipoti la bungwe lina ndi buku la masitazi la munthu wina lopezeka pa intaneti. Ndime zake zapakidwa mwamawangamawanga, mawu asanu ofiira, awiri oyera, asanu ndi atatu ofiira. Mawangawa ali ndi tanthauzo. Amasonyeza kuti wolemba anali ndi gwero patsogolo pake n'kumasintha liwu apa ndi apo. Katswiri wa kaphunzitsidwe ka kalembedwe wa ku America, Rebecca Moore Howard, anafotokoza khalidweli m'zaka za m'ma 1990 ngati kulemba kwa zigamba, ndipo anaona kuti nthawi zambiri amachita ndi munthu amene sanamvetse bwino zomwe akuwerenga kapena akuopa chilankhulo cha akatswiri. Mayi uja sanafune kuba. Anakopera ndimezo m'manotsi ake miyezi khumi ndi isanu yapitayo, anaiwala kulemba komwe anazitenga, ndipo pambuyo pake anaziyesa zake. Koma woyesa buku saona mtima, amaona tsamba, ndipo malamulo a mayunivesite ambiri amawerengera zimenezi ngati kubera ngakhale munthu sanachitire dala.

Tsono masamu aja abwerenso. Pa mawu 9,500, ofunika ntchito ndi 2,000 a chaputala chachiwiri ndi 750 a njira za kafukufuku. Onse pamodzi 2,750. Kugawa masiku atatu, ndi mawu pafupifupi 900 patsiku, ndime zisanu kapena zisanu ndi imodzi. N'zotheka ngakhale kwa munthu wokhala ndi makalasi m'mawa.

Kuuza supavaiza msanga

Loweruka lomwelo, pepala losankhulira lija litatha, uthenga upite kwa supavaiza. Ambiri amazengereza poopa manyazi, n'kudzaulula Lachinayi pamene palibenso chomwe munthu angathandize. Uthenga wabwino sungodandaula, umabwera ndi manambala. Mayiyu akhoza kulemba motere: "Adokotala, pepani kukusokonezani pa Loweruka. Lipoti latuluka 38. Ndaliwerenga lonse: 11 ndi mndandanda wa mabuku ndi mawu ogwidwa, 12 ndi pulopozo yanga ya chaka chatha, 8 ndi ndime za chaputala chachiwiri zomwe ndinatsatira gwero kwambiri ndipo ndikuzilembanso, ndimaliza Lachiwiri. Ndikupempha mundithandize pa za pulopozoyo, komanso mundiuze ngati 20 amawerengedwa atasefa. Ndatumiza lipoti lonse."

Supavaiza wolandira uthenga wotere akuona munthu amene wapeza vuto lake yekha ntchito isanaperekedwe, ndipo nthawi imeneyi kulakwitsa kukadali kokonzeka. Buku likaperekedwa, ndime zomwezo zimasanduka nkhani ya komiti ya mwambo.

Za pulopozo zili m'manja mwa sukulu, osati mwa wophunzira. Supavaiza akhoza kuchotsa gwero limenelo pa lipoti ndi kulembapo chifukwa chake, kapena kupempha woyang'anira Turnitin pasukulupo kuti pepala lakalelo lichotsedwe m'nkhokwe. Njira yachiwiriyi imatenga masiku, n'chifukwa chake pempho liyenera kufika muofesi Lolemba m'mawa. Pali chinthu chimodzi chodabwitsa apa: gwero limodzi likachotsedwa, nthawi zina lina limatulukira pansi pake. Ngati pulopozo ija inali ndi ndime zokopera, zinkabisika pansi pa dzina la mayiyu, ndipo tsopano zionekera ndi mwini wake weniweni. Choncho 12 sachoka yense nthawi zonse, ndipo lipoti liyenera kuwerengedwanso akasefa.

Kufanana ndi iwe mwini nakonso kuli ndi malire. Pulopozo ya digiri yomweyo ndi maziko a bukulo, ndipo madipatimenti ambiri savutika nayo. Koma nkhani yomwe wophunzira anasindikiza kale m'magazini ya akatswiri, kapena ntchito yomwe analandirira digiri yoyamba, iyenera kutchulidwa ngati gwero lina lililonse ndi kuululidwa kutsogolo kwa buku.

Lamlungu mpaka Lachiwiri: kulembanso

Pa ndime iliyonse ya gulu lachisanu ndi chimodzi pali njira zitatu: kuichotsa, kuigwira mawu, kapena kuilembanso.

Kuchotsa ndi njira yomwe ambiri amaiwala. Chaputala chachiwiri chimakonda kunenepa ndi ndime zomwe zinalowa pofuna kudzaza masamba. Mayi uja ali ndi tsamba lathunthu la mbiri ya feteleza ku Asia, lomwe silikhudzana ndi mafunso a kafukufuku wake ndipo sakulitchulanso kwina kulikonse. Likachoka, mawu 300 apita ndipo buku lapepuka. Kugwira mawu ndi kwa malo ochepa pamene kanenedwe kenikeniko n'kofunika, monga tanthauzo la mawu m'ndondomeko ya boma. Pamenepo pamafunika mitengero, dzina, chaka ndi tsamba. Kukuta ndime zonse m'mitengero kuti zisefedwe kumatsitsa nambala, koma woyesa amapeza chaputala chimene mwini buku sakulankhulamo.

Zotsalazo n'zolembanso, ndipo kalembedwe kake kali ndi dongosolo. Mayiyu atsegule gwero lenileni, awerenge ndimeyo ndi zoizungulira mpaka amvetse. Atseke. Alembe pa kapepala mfundo zake m'mawu atatu kapena anayi iliyonse. Kenako adzifunse chomwe mfundoyo ikuchita m'buku lake, chifukwa yankho la funso limeneli ndi limene limapatsa chiganizo mafupa atsopano. Ophunzira ambiri amene amaganiza m'Chichewa koma kulemba m'Chingerezi amapeza kuti kufotokoza mfundoyo mokweza m'Chichewa, ngati akuuza mnzawo wa m'sitafu, kumathyola kamangidwe ka chiganizo cha gwero. Akabwerera ku Chingerezi, chiganizo chimatuluka chawo. Pomaliza atsegulenso gwero, aone ngati sanapotoze tanthauzo kapena nambala, ndipo aike dzina ndi chaka.

Nachi chitsanzo, choikidwa m'Chichewa kuti chioneke bwino. Gwero likuti: "Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo inayamba m'nyengo ya 2005/06 pofuna kukweza zokolola za chimanga pakati pa alimi ang'onoang'ono dziko litakumana ndi njala." Wolemba zigamba amati: "Ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotchipa inakhazikitsidwa m'nyengo ya 2005/06 ndi cholinga chochulukitsa zokolola za chimanga pakati pa alimi ang'onoang'ono dziko litavutika ndi njala." Mawu angapo asintha, koma chiganizo ndi chomwe chija, chavala malaya ena basi. Wolemba amene wamvetsa amayambira pa funso lake: "Alimi a m'kafukufukuyu amayesa makuponi potengera matumba a chimanga omwe akolola, ndipo muyeso umenewu ndi womwe boma linali nawo poyambitsa pulogalamuyi m'nyengo ya 2005/06, pambuyo pa chaka cha zokolola zochepa." Kenako dzina la gwero ndi chaka. Mfundo yabwerekedwa ndipo mwini wake watchulidwa, koma chiganizo chikugwira ntchito ya buku la mayiyu.

Buku la masitazi la munthu wina lija lili ndi msampha wake. Ndime zomwe mayiyu anatengamo zinali ndi maina a akatswiri m'kati mwake, ndipo iye anawatenga pamodzi ndi ndimezo osawerenga zolemba zawo. Kukonza koona ndi kufunafuna zolembazo, kuziwerenga ndi kulemba kuchokera kwa izo. Zomwe zalephera kupezeka, anene poyera kuti wazimva kudzera mwa wakutiwakuti, monga momwe kalembedwe ka dipatimenti yake kamalolera, kapena azisiye. Woyesa amene amadziwa nkhaniyo amazindikira msanga maina asanu otsatana ndendende ngati m'buku lina.

Chaputala cha njira za kafukufuku n'chosavuta. Fomula siisinthidwa, imangofunika kutchula mwini wake. Maina a mayeso a masamu nawonso amakhala momwemo. Zomwe zimapakidwa kwambiri ndi matanthauzo a m'mabuku ophunzirira, ofotokoza kuti njira yakutiyakuti ndi chiyani. Mankhwala ake ndi kusiya kufotokoza njira ndi kunena zomwe zinachitika: midzi ingati, inasankhidwa bwanji, kaundula wa alimi anachokera kwa ndani, amene sanapezeke pakhomo analowedwa m'malo motani. Ziganizo zotere sizingafanane ndi za wina aliyense, chifukwa palibe wina anayenda ulendowo.

Njira zachidule zomwe zimagwetsa

Pofika Lolemba, anzake a pa gulu la WhatsApp adzakhala atapereka malangizo. Wina adzati asinthe zilembo zina ndi za Chirasha zooneka mofanana, wina adzati aike timawu toyera pakati pa mawu, wina adzati asandutse ndime kukhala chithunzi. Njira ziwiri zoyambazo Turnitin imazifufuza ndipo imaonetsa mphunzitsi pamalo otchedwa Flags. Yachitatuyo imaoneka munthu akangoyesa kusankha mawu pa tsambalo. Kuipa kwa zonsezi n'koti zimasintha mtundu wa mlandu. Ndime ya zigamba munthu akhoza kuifotokoza kuti ndi kusasamala. Chilembo cha Chirasha pakati pa liwu la Chingerezi sichilowa mwangozi.

Ena adzatchula mapulogalamu osinthanitsa mawu ndi ofanana nawo. Mu 2021 ofufuza Guillaume Cabanac, Cyril Labbé ndi Alexander Magazinov anaonetsa momwe zolemba zodutsa m'makina otere zimadziwikira ndi mawu opotoka, ndipo ntchito yosaka mawu oterewa yapeza zoseketsa, monga matenda a kulephera kwa impso atasanduka kukhumudwa kwa impso. Nkhani zambiri zasayansi zachotsedwa m'magazini zitagwidwa motere. M'buku la mayi uja, alimi ang'onoang'ono akhoza kutuluka ali alimi aafupi. Ndipo amene amadzitsatsa kuti amatsitsa peresenti pa mtengo wakuti nthawi zambiri amagwiritsa ntchito njira zomwezi, kuwonjezera apo atenga kope la buku losaperekedwa.

Msampha womaliza umagwira ngakhale osalakwa: kuyesa buku pa akaunti ya mnzako wa kuyunivesite ina. Ngati malo olowetserawo sanaikidwe pa No repository, bukulo limasungidwa, ndipo tsiku lopereka limatuluka lofanana ndi pepala la sukulu ina pafupifupi lonse. Kumasula zimenezi kumafuna makalata pakati pa masukulu awiri, ndipo sabata siikwana.

Nambala yotsika payokha siteteza munthu. Pulogalamuyi imaphonya mfundo zobedwa zolembedwa m'mawu ena, mabuku omwe sali m'nkhokwe zake, ndi zambiri zomasuliridwa kuchokera ku zilankhulo zina. Anthu ndi amene amagwira, ndipo sathamangira. Nduna ya zachitetezo ku Germany, Karl-Theodor zu Guttenberg, inalandidwa digiri ya udokotala ndi yunivesite ya Bayreuth mu 2011, nkhani itayamba ndi pulofesa wa zamalamulo amene ankawerenga bukulo kuti alembe ndemanga, ndipo ndunayo inatula pansi udindo. Mu 2013 nduna ya zamaphunziro ya dziko lomwelo, Annette Schavan, inalandidwa digiri ndi yunivesite ya Düsseldorf chifukwa cha buku lomwe inalemba mu 1980.

Lachitatu: kuyesanso kamodzi

Buku lokonzedwa lilowe Lachitatu m'mawa, pamalo omwe sukulu inapereka. Pali chifukwa chosaliyesera tsiku ndi tsiku. Pamalo olola kulowetsanso, maulendo atatu oyamba lipoti limatuluka msanga, koma kupitirira apo munthu amadikira maola 24 pa ulendo uliwonse. Wophunzira amene wawononga maulendo ake Lamlungu poyesa ndime imodziimodzi akhoza kupezeka Lachinayi usiku akudikira lipoti lomwe lidzatuluke ofesi itatseka.

Tiyerekeze kuti lipoti la mayi uja, atasefa ndi kuchotsa pulopozo, latuluka 8. Aliwerengenso monga Loweruka, kuyambira pa gwero lalikulu. Ngati palibe gwero lopitirira peresenti imodzi kapena ziwiri, ndipo palibe ndime ya mawangamawanga, ntchito yatha. Timawu totsalato atisiye. Kulimbana nato kuti nambala ifike pa ziro kumangowononga ziganizo zabwino.

Masamu a Loweruka aja ndi amenenso amauza munthu ngati sabata siikwana. Zikanapezeka kuti mawu ofunika kulembanso ndi 8,000, kapena kuti kufananako kuli m'chaputala cha zotsatira ndi chokambirana, momwe muyenera kukhala maganizo a mwini buku, yankho likanakhala kupempha nthawi yowonjezera. Pempho lotere limalembedwa Lolemba, kudzera kwa supavaiza, ndi lipoti ndi dongosolo la ntchito. Likhoza kutanthauza fizi ina kapena kudikira mwambo wa chaka chamawa, ndipo wophunzira afunse mtengo wake asanasankhe.

Lachinayi ndi Lachisanu

Kulembanso kumasiya zinyalala, ndipo Lachinayi ndi losesa. Dzina lililonse lotchulidwa m'kati mwa buku lipezeke pa mndandanda wa kumapeto, ndipo lililonse la pa mndandanda lipezeke m'kati. Tsamba la feteleza wa ku Asia linapita ndi maina anayi, omwe ayenera kuchokanso kumapeto. Magwero awiri aja, omwe poyamba sanatchulidwe, tsopano alowe. Amene amasunga mabuku awo mu Zotero kapena Mendeley amangotsitsimutsa mndandanda, ena onse amayenda ndi pensulo. Matebulo ndi mapu otengedwa kwina akhale ndi gwero pansi pake, popeza pulogalamu ija siona zithunzi koma woyesa amaziona. Nambala za masamba pa zam'katimu zasuntha, zikonzedwe. Kenako mayiyu awerenge chaputala chachiwiri mokweza kuyambira poyamba, kuti amve ngati ndime zatsopano zikulumikizana ndi zakale.

Fayilo yomwe yayesedwa ikhale yomweyo yopita kokasindikiza ndi kukabainda, ndipo ngati kusesa kwa Lachinayi kwasintha zambiri, supavaiza adziwe kuti lipoti lovomerezeka lichokere pa kope lomaliza. Kosindikiza apite Lachinayi masana, chifukwa Lachisanu m'mawa kalasi yonse idzakhala pamzere womwewo.

Lachisanu mayiyu akupereka makope ake ndi lipoti losainidwa. Mu foda ina wasunga kope la usiku woyamba lija, malipoti onse awiri, pepala losankhulira ndi mauthenga a supavaiza, kuti wina akadzafunsa momwe 38 anasandukira 8 adzaonetse tsamba ndi tsamba. Patsogolo pali difensi, pomwe woyesa wochokera kuyunivesite ina akhoza kutsegula chaputala chachiwiri, kuloza ndime ya makuponi a 2005/06 ndi kunena kuti, "Mayi, tafotokozani apa." Ndime imeneyo anailemba Lolemba usiku gwero lili chitsekere, atayamba waifotokoza mokweza m'Chichewa kukhitchini kwake.